Ziwembu za pa makompyuta zolimbana ndi dziko: mafunso ndi mayankho pa zimene malamulo a pakati pa mayiko amanena

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza nthawi iliyonse pamene makompyuta a boma athyoledwa ndipo anthu ayamba kuloza chala dziko lina. Mayankho ambiri akutsatira nkhani imodzi, ya zomwe zidachitikira dziko la Albania mu 2022, chifukwa m'nkhaniyi muli pafupifupi mbali zonse zomwe akatswiri a malamulo amatsutsanapo.

Kodi chiwembu cha pa makompyuta cholimbana ndi dziko n'chiyani?

Ndi pamene munthu, gulu kapena boma lagwiritsa ntchito makompyuta ndi intaneti kulowa m'makina a dziko lina popanda chilolezo, n'cholinga choba zinsinsi, kufufuta zosungidwa, kuimitsa ntchito za boma kapena kuwononga zipangizo zomwe makinawo amayendetsa.

Ku Albania zidayenda motere. Boma lidasamutsira pafupifupi ntchito zake zonse zothandiza anthu pa tsamba lotchedwa e-Albania, moti munthu wofuna chikalata cha boma amayenera kudzera pamenepo. Pakati pa mwezi wa Julaye 2022 boma lidakakamizika kutseka tsambali pamodzi ndi masamba ena, litazindikira kuti m'makina ake muli pulogalamu yotseka mafayilo ndi ina yofufuta zonse zosungidwa. Ofufuza a ku America adapeza kuti achiwembuwo adalowa miyezi pafupifupi 14 m'mbuyomo, ndipo nthawi yonseyo ankawerenga ndi kukopera makalata mwakachetechete. Gulu lodzitcha HomeLand Justice ndilo lidavomera kuti lachita zimenezi, kenako lidayamba kuwulutsa zinsinsi zomwe lidaba. Pa 7 Sepitembala 2022 nduna yaikulu Edi Rama adalengeza kuti kumbuyo kwa zonsezi kuli boma la Iran, nathetsa ubale wa mayiko awiriwa, ndipo akazembe a Iran adapatsidwa maola 24 kuti achoke. Iran idakana mlanduwo. Patangopita masiku ochepa, makina olembera anthu olowa ndi otuluka pa zipata za Albania nawonso adasokonezedwa.

Kodi malamulo a pakati pa mayiko amagwiradi ntchito pa intaneti?

Inde. Mu 2013 gulu la akatswiri oimira maboma ku bungwe la United Nations lidagwirizana kuti malamulo a pakati pa mayiko, makamaka pangano lokhazikitsa bungweli, amagwira ntchito pa zomwe maboma amachita ndi makompyuta. Mu 2015 gulu lotsatira lidawonjezera mfundo 11 za khalidwe loyenera, ndipo mu 2021 mayiko onse a m'bungweli adatsimikizanso mfundozo.

Mkangano womwe ulipo ndi wa momwe malamulowo amagwirira ntchito. Palibe pangano lapadera lonena za ziwembu za boma ndi boma pa makompyuta, ndipo Khoti la Dziko Lonse la ku Hague silinaweruzepo mlandu wotere. Zomwe tili nazo ndi milandu yakale ya khotili, zikalata zomwe maboma amatulutsa pofotokoza maganizo awo, ndi buku la akatswiri lotchedwa Tallinn Manual lomwe lidatuluka mu 2013 n'kukulitsidwa mu 2017. Bukuli anthu amalitchula kwambiri, koma si lamulo: ndi maganizo a akatswiri, ndipo m'malo ambiri limanena poyera kuti akatswiriwo adagawikana.

Mlandu wotere amauyeza motani? Amayambira pati?

Amayamba ndi funso lakuti wachita ndani, chifukwa malamulowa amamanga maboma, osati mbava wamba. Akatha apo amaona kukula kwa zotsatira zake, ndipo pali masitepe anayi. Lapansi ndi kuphwanya ufulu wodzilamulira wa dziko. Lachiwiri ndi kulowerera mokakamiza pa nkhani zomwe dziko liyenera kusankha lokha. Lachitatu ndi kugwiritsa ntchito mphamvu zankhondo, komwe ndime 2(4) ya pangano la United Nations imaletsa. Lachinayi, lomwe ndi lalikulu koposa, ndi kuukiridwa ndi zida, komwe kumapatsa dziko ufulu wodziteteza malinga ndi ndime 51.

Ngati wachita chiwembuyo si boma, nkhani siithera pomwepo. Pamatsala funso la dziko lomwe chiwembucho chachokera, ngati lidalekerera likudziwa. Onani funso la udindo wosalekerera m'munsimu.

Dziko lingatsimikize bwanji kuti boma lina ndilo lachita?

Apa pali ntchito ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi ya akatswiri a makompyuta: amayang'ana mapulogalamu omwe agwiritsidwa ntchito, maseva omwe malamulo amadutsira, nthawi zomwe achiwembuwo amagwira ntchito ndi njira zomwe zidaonekapo m'ziwembu zina. Adiresi ya kompyuta payokha si umboni wokwanira, pakuti wochenjera amadutsira m'makina a anthu osalakwa m'mayiko angapo. Lipoti la 2015 lija lidanena momveka kuti kungoona kuti chiwembu chachokera m'dera la dziko linalake sikungakhale kokwanira kunena kuti boma la dzikolo ndilo lachita.

Ntchito yachiwiri ndi ya malamulo, ndipo imatsatira mfundo za udindo wa maboma zomwe komiti ya malamulo ya United Nations idamaliza kulemba mu 2001. Ngati achita ndi asilikali kapena nthambi ya ukazitape, ndiye kuti lachita ndi boma, ngakhale atapyola malire a zomwe adatumidwa. Ngati achita ndi gulu lapadera, pamafunika kuonetsa kuti boma lidalilangiza, kulitsogolera kapena kuliwongolera pa ntchito imeneyoyo. Muyezo uwu ndi wokhwima. Pa mlandu wa Nicaragua ndi America mu 1986, khoti la ku Hague lidapeza kuti America idapereka ndalama, zida ndi maphunziro kwa zigawenga za Contra zomwe zinkalimbana ndi boma la Nicaragua, komabe lidati zimenezo sizikwanira kunena kuti chilichonse chomwe zigawengazo zidachita ndi ntchito ya America. Njira ina ndi yakuti boma livomereze pambuyo pake kuti ntchitoyo ndi yake.

Ku Albania, America idaloza unduna wa Iran woona za ukazitape ndi chitetezo, nauika pa zilango pa 9 Sepitembala. Ngati zimenezo zili zoona, dzina loti HomeLand Justice ndi chophimba chabe ndipo mlandu ukugwera boma mwachindunji. Ku Estonia mu 2007 zidavuta. Boma litasuntha chipilala cha msilikali wa Soviet Union mumzinda wa Tallinn, masamba a mabanki, nyuzipepala ndi maunduna adapanikizidwa ndi mauthenga ochuluka kwa milungu pafupifupi itatu. Ambiri adakhulupirira kuti Russia ikudziwapo kanthu, koma umboni wofika pa muyezo wa Nicaragua sudaoneke poyera.

Kodi kungolowa m'makompyuta a boma lina n'kuphwanya ufulu wake wodzilamulira?

Pano ndi pamene mayiko amasiyana kwambiri, ndipo kusiyana kwake kumakhudza ziwembu zambiri kuposa nkhani ya nkhondo.

Britain ili kumapeto kumodzi. Mu Meyi 2018 mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, Jeremy Wright, adati ufulu wodzilamulira ndi mfundo yomwe malamulo ena amachokerapo, koma si lamulo loima palokha lomwe chiwembu cha pa makompyuta chingaphwanye. Kutanthauza kuti, kwa Britain, chiwembu chomwe sichinafike pa kulowerera mokakamiza kapena pa mphamvu zankhondo chikhoza kukhala chosayenera, koma si cholakwira malamulo a pakati pa mayiko.

France ili kumapeto kwinako. Mu 2019 idati kulowa kulikonse kosaloledwa m'makina ake, kochitidwa ndi boma lina, n'kuphwanya ufulu wake.

Mayiko ambiri, monga Germany ndi Netherlands, ali pakati ndipo amatsatira njira yomwe ili mu Tallinn Manual. Iwo amati lamulolo lilipo, koma pamafunika zotsatira zooneka. Mbali yoyamba ndi ya dera: ngati chiwembu chawononga chipangizo, chavulaza munthu, kapena chachititsa makina kusiya kugwira ntchito mpaka kufuna kukonzedwa, dera la dzikolo lalakwiridwa. Mbali yachiwiri ndi ya ntchito zomwe boma lokha ndilo limagwira, monga kuyendetsa zisankho, kutolera misonkho, kuteteza malire ndi ntchito za apolisi. Kusokoneza ntchito zoterezi n'kuphwanya ufulu wodzilamulira ngakhale palibe chinthu chomwe chasweka.

Tikayika nkhani ya Albania pa muyezo wapakatiwu, yankho silivuta. Pulogalamu yofufuta idaimitsa makina, ndipo anthu adalephera kulandira thandizo la boma kwa masiku angapo. Kusokoneza makina a pa zipata kudakhudza ntchito yomwe palibe wina angaigwire koma boma. Pa mbali zonse ziwiri lamulo lidaphwanyidwa. Pa maganizo a Britain okha ndi pomwe munthu angafunike kufufuza lamulo lina.

Ine ndimaona kuti maganizo a Britain amakomera mayiko omwe ali ndi luso lolowa m'makina a anzawo, ndipo amasiya dziko lofooka lopanda mawu odandaulira pa ziwembu zomwe zimachitikadi tsiku ndi tsiku.

Nanga mayiko a mu Africa amaima pati?

Mu Januwale 2024 nthambi yoona za mtendere ndi chitetezo ya bungwe la African Union idavomereza chikalata cha maganizo amodzi a mayiko a mu Africa pa nkhaniyi, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ndi mamembala a bungweli. Chikalatacho chili pafupi ndi France: chimati ufulu wodzilamulira ndi lamulo lenileni, ndipo boma lolowa m'makina a m'dera la dziko lina popanda chilolezo lalakwa, ngakhale lisanawononge kanthu. Chimatinso udindo wosalekerera ndi lamulo lomanga, koma chimakumbutsa kuti mphamvu za mayiko n'zosiyana.

Chifukwa chake n'chomveka. Dziko lomwe lilibe akatswiri okwanira silingathe nthawi zonse kuonetsa kukula kwa zomwe zawonongeka, koma lingathe kuonetsa kuti wina adalowa.

Kodi ukazitape wa pa makompyuta ndi woletsedwa?

Palibe lamulo la pakati pa mayiko loletsa ukazitape mwa iwo wokha pa nthawi ya mtendere, ngakhale dziko lililonse lili ndi ufulu wozenga mlandu kazitape m'makhoti ake. Chomwe chimayesedwa ndi njira yomwe yagwiritsidwa ntchito. Miyezi 14 yomwe achiwembu adakhala akuwerenga makalata a boma la Albania, kwa Britain ndi ukazitape chabe, ndipo mayiko apakati aja angavutike kuloza lamulo lomwe lidaphwanyidwa panthawiyo. Kwa France ndi African Union mlandu udayamba tsiku lomwe adalowa. Chovuta n'chakuti khomo lolowera kazitape ndi lomwelo lolowera wowononga, ndipo mwini makina sangadziwe cholinga mpaka tsiku lomwe zinthu zafufutidwa.

Kulowerera mokakamiza kumasiyana bwanji ndi zimenezi?

Lamulo ili mayiko onse amalivomereza, Britain yomwe. Khoti lidalifotokoza pa mlandu wa Nicaragua womwe uja, ndipo lili ndi mbali ziwiri zofunika kupezeka pamodzi. Nkhaniyo ikhale yomwe dziko lili ndi ufulu wosankha lokha, monga mtundu wa boma, kayendetsedwe ka chuma kapena mfundo za ubale ndi mayiko ena. Ndipo pakhale kukakamiza, osati kungonyengerera kapena kudzudzula.

Albania imasunga anthu pafupifupi 3,000 a gulu la MEK lotsutsa boma la Iran, ndipo gululi limakonzekera msonkhano waukulu kumapeto kwa Julaye 2022. Mauthenga a achiwembuwo ankatchula gululi mwachindunji. Kusankha yemwe angakhale m'dziko ndi nkhani ya Albania yokha. Choncho ngati cholinga choimitsa ntchito za boma chidali kuumiriza Albania kuti ithamangitse anthuwa, mbali zonse ziwiri zakwanira, ndipo ngakhale wotsatira maganizo a Britain angavomereze kuti lamulo lidaphwanyidwa.

Kodi udindo wosalekerera ndi wotani?

Ndi udindo wa dziko wosalola, likudziwa, kuti dera lake ligwiritsidwe ntchito kulakwira mayiko ena. Mlandu womwe udaukhazikitsa bwino umakhudzanso Albania yomweyi. Mu Okutobala 1946 zombo ziwiri zankhondo za Britain zidagunda mabomba otcheredwa m'madzi a Albania pa mpata wa Corfu, ndipo amalinyero oposa 40 adafa. Mu 1949 khoti la ku Hague silidapeze umboni woti Albania ndiyo idatchera mabombawo. Lidapeza kuti sakadatcheredwa Albania osadziwa, popeza inkalondera gombe lake mosamala, ndipo idalakwa posachenjeza zombozo.

Pa makompyuta, mfundoyi ili ndi zinthu zitatu. Choyamba, chiwembucho chikhale chobweretsa mavuto aakulu komanso chokhudza ufulu wa dziko linalo. Uthenga umodzi wachinyengo sukwana. Chachiwiri, boma likhale likudziwa, kapena likhale pamalo poti boma lililonse lochita zinthu mwanzeru likadadziwa. Chachitatu, likhale kuti silidachite zomwe lingathe kuti chiwembucho chithe. Zili ngati mwini nyumba amene wauzidwa kuti wobwereka chipinda chake akuponya miyala pa denga la mnansi: safunsidwa chifukwa chake sadalosere, koma akauzidwa ayenera kuchitapo kanthu.

Udindowu ndi wa khama, osati wa zotsatira. Dziko lomwe layesetsa ndi zomwe lili nazo koma lalephera, silinalakwe. Akatswiri ambiri a Tallinn Manual adatinso udindowu suumiriza boma kuzonda mauthenga onse a nzika zake pofuna kupewa zomwe sizinachitike, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwiritsitsa, chifukwa boma lofuna kupondereza anthu likhoza kubisala m'dzina la udindowu.

M'zochitika zenizeni, chomwe chimatsegula mlandu ndi chidziwitso. Dziko lovutikalo limatumiza uthenga kudzera kwa akazembe kapena kwa gulu la boma lothana ndi ngozi za pa makompyuta, likutchula ma adiresi a maseva, nthawi yeniyeni ndi umboni wa zomwe zikuchitika. Kuyambira pamenepo dziko linalo silinganene kuti silikudziwa. Estonia idapempha Russia kuti ithandize kufufuza za 2007 kudzera m'pangano lawo lothandizana pa milandu, ndipo Russia idakana. Pa nkhaniyo, mlandu wolekerera ukadakhala wosavuta kuutsimikiza kusiyana ndi mlandu wochita.

Udindowu umadula mbali zonse. Mu Juni 2023 apolisi a Albania adalowa mumsasa wa MEK nalanda makompyuta, pofufuza ngati m'menemo munkachokera ziwembu zolimbana ndi mabungwe a kunja. Dziko lomwe lidalakwiridwa chaka chimodzi m'mbuyomo lidayeneranso kuyang'ana zomwe zimachokera m'dera lake.

Ndiye kuti mayiko onse amavomereza kuti udindowu ndi lamulo?

Ayi. Mu mfundo 11 za 2015 udalembedwa ngati khalidwe lomwe mayiko amalimbikitsidwa kutsatira mwakufuna kwawo. Britain ndi Israel amati pa makompyuta sunafike pokhala lamulo lomanga. Germany, France, Netherlands ndi African Union amati ndi lamulo.

Kusiyanaku kumaoneka bwino pa magulu otseka mafayilo n'kufuna dipo. Mu 2022 gulu la Conti lidaimitsa makina a unduna wa zachuma ku Costa Rica, kuphatikizapo a misonkho ndi a katundu wolowa ndi kutuluka, mpaka pulezidenti Rodrigo Chaves adalengeza mu Meyi kuti dziko lili pa ngozi. Conti silinali nthambi ya boma lililonse. Ngati udindo wosalekerera si lamulo, dziko lomwe zigawenga zoterezi zimakhalamo lilibe choyankha kwa Costa Rica.

Ku Malawi, mu Febuluwale 2024, pulezidenti Lazarus Chakwera adauza aphungu kuti makina osindikizira mapasipoti athyoledwa ndipo othyolawo akufuna dipo. Palibe boma lakunja lomwe lidalozedwa chala, choncho mafunso a ufulu wodzilamulira ndi mphamvu zankhondo sakadabuka. Pa nkhani ya mtundu umenewu, ngati ochita chiwembu ali kunja, khomo lotsala m'malamulo a pakati pa mayiko ndi udindo wosalekerera ndi mapangano othandizana pa milandu.

Kodi chiwembu cha pa makompyuta chimasanduka liti kugwiritsa ntchito mphamvu zankhondo?

Mu 1996, popereka maganizo ake pa zida za nyukiliya, khoti la ku Hague lidati chiletso cha ndime 2(4) chimakhudza mphamvu iliyonse posatengera chida chomwe chagwiritsidwa ntchito. Choncho funso si lakuti kodi padaphulika mfuti, koma lakuti kukula ndi zotsatira za chiwembucho zikufanana ndi zomwe chida wamba chikadachita.

Pomwe pali imfa, kuvulala kapena kuwonongeka kwa zinthu zogwirika, pafupifupi aliyense amavomereza. Chitsanzo chodziwika ndi Stuxnet, pulogalamu yomwe idatulukira mu 2010. Idalowa m'makina a kampani ya Siemens oyendetsa zipangizo zozungulira mothamanga zoyeretsera yureniyamu ku Natanz m'dziko la Iran. Inkasintha liwiro la zipangizozo mpaka kuzithyola, uku ikuonetsa oyang'anira kuti zonse zili bwino. Akatswiri ena amayerekeza kuti zipangizo pafupifupi 1,000 zidawonongeka. Palibe boma lomwe lidavomera, ngakhale malipoti ambiri amatchula America ndi Israel. Akatswiri a Tallinn Manual adagwirizana kuti, ngati lidachita ndi boma, kumeneku kudali kugwiritsa ntchito mphamvu.

Pomwe palibe chosweka m'pamene pali mkangano. Mu 1945, pokambirana za pangano la United Nations ku San Francisco, Brazil idapempha kuti kupanikiza dziko pa chuma kuletsedwenso mu ndime yomweyi, koma pempholo lidakanidwa. Ndiye chifukwa chake kutaya ndalama pakokha sikuwerengedwa ngati mphamvu zankhondo. Komabe mayiko monga France ndi Netherlands anenapo kuti chiwembu chogwetsa chuma kapena mabanki a dziko lonse chikhoza kufika pamenepo. Pofuna kuweruza nkhani zoterezi amayang'ana kukula kwa mavuto, kufulumira kwake, ngati achokera mwachindunji ku chiwembucho, mtundu wa malo omwe alowedwa, ndiponso ngati ochitawo ndi asilikali.

Taonani NotPetya ya pa 27 Juni 2017. Idafalikira kudzera mu pulogalamu yowerengera misonkho ya ku Ukraine yotchedwa M.E.Doc, n'kufufuta makompyuta a mabanki, maunduna ndi makampani, kenako n'kudumphira kunja mpaka kuimitsa ntchito za kampani ya zombo ya Maersk m'madoko ambiri. Akuluakulu a ku America adayerekeza kuti zowonongeka zidafika madola 10 biliyoni. Mu Febuluwale 2018 Britain ndi America adaloza asilikali a Russia, Russia n'kukana. Koma polengeza zimenezo sadanene kuti ndime 2(4) yaphwanyidwa.

Nanga za Albania zidafika pamenepo?

Mwa kuona kwanga, ayi. Palibe yemwe adafa kapena kuvulala, palibe nyumba kapena chipangizo chomwe chidasweka, ndipo Rama mwini adati makina adabwezeretsedwa popanda zosungidwa kutayika kotheratu. Mavutowo adali aakulu koma akanthawi. Wina akhoza kutsutsa kuti cholinga chidali kufufutiratu zonse za boma, ndipo zikadatheka nkhani ikadakhala ina. Mfundo imeneyo ndi yolemera, koma muyezo womwe mayiko amagwiritsa ntchito umatsamira kwambiri pa zomwe zachitika.

Zikadasintha ngati makina ofufutidwawo akadakhala a zipatala odwala n'kufa, kapena oyendetsa damu madzi n'kusefukira. Pa 23 Disembala 2015 achiwembu adazimitsa magetsi kwa makasitomala pafupifupi 225,000 kumadzulo ndi pakati pa Ukraine kwa maola angapo m'nyengo yozizira. Nkhani ngati imeneyo ili pafupi kwambiri ndi malire, ndipo kutalika kwa nthawi ndiko kungaiwolotse.

Kodi dziko lingabwezere ndi asilikali?

Pokhapokha ngati laukiridwa ndi zida m'tanthauzo la ndime 51. Khoti pa mlandu wa Nicaragua lidasiyanitsa kugwiritsa ntchito mphamvu kwa mtundu woopsa kwambiri ndi kwa mtundu wocheperako, nati woyambawo wokha ndi womwe umapereka ufulu wodziteteza. America sivomereza kusiyanitsaku. Imati mphamvu iliyonse yosaloledwa ikhoza kuyankhidwa podziteteza. Mayiko ambiri amatsatira khoti. Pa Stuxnet yomwe ija akatswiri adagawikana ngati idafika pa sitepe yapamwambayi.

Ufuluwo ukapezeka, yankho liyenera kukhala lofunikadi komanso losapyola zomwe zikufunika kuti kuukirako kuthe, ndipo dziko liyenera kudziwitsa nthambi ya chitetezo ya United Nations mwamsanga. Sikofunika kuti yankholo likhale la pa makompyuta.

Albania ndi membala wa NATO, bungwe la chitetezo la mayiko a ku Ulaya ndi North America, ndipo kuyambira mu 2014 bungweli lidati chiwembu cha pa makompyuta chikhoza kudzutsa ndime 5 ya pangano lake, yonena kuti kuukira mmodzi n'kuukira onse. Rama adanena pambuyo pake kuti adaiganizira ndimeyi koma sadaigwiritse ntchito. NATO idangotulutsa chikalata chodzudzula ndi kulonjeza thandizo.

Ngati nkhondo siloledwa, dziko lolakwiridwa lingachitenso chiyani?

Njira yoyamba ndi kuchita zinthu zosakondweretsa koma zololedwa kale, monga kuthamangitsa akazembe, kuthetsa ubale, kuletsa anthu ena kulowa m'dziko kapena kuimitsa thandizo. Izi sizifuna kuti dziko litsimikize kuti lamulo laphwanyidwa, ndipo ndi zomwe Albania idasankha.

Njira yachiwiri ndi kubwezera kololedwa: kusiya kwakanthawi kukwaniritsa udindo wina kwa dziko lolakwalo pofuna kuti lisiye kulakwako ndi kukonza zomwe lawononga. Njira iyi imatseguka pokhapokha ngati pali lamulo lomwe laphwanyidwadi, ndipo apa m'pamene mikangano ya m'mafunso a ufulu wodzilamulira ndi udindo wosalekerera imaonetsa kulemera kwake. Kubwezerako kuyenera kulingana ndi cholakwacho, sikungagwiritse ntchito mphamvu zankhondo kapena kuphwanya ufulu wofunikira wa anthu, ndipo cholinga chake si kulanga. Kawirikawiri dziko liyenera kuyamba lapempha mnzakeyo kuti asiye, ngakhale kuti pa zinthu zachangu lingachitepo kanthu lisanachenjeze za kubwezerako. Likalakwitsa poloza chala, mlandu umatembenukira kwa ilo.

Funso lomwe likadali lotseguka ndi lakuti kodi dziko lina lingabwezere m'malo mwa mnzake wofooka. Mu 2019 pulezidenti wa Estonia, Kersti Kaljulaid, adati zimenezi ziyenera kuloledwa, pomwe France idati ufuluwo ndi wa dziko lolakwiridwa lokha. Kwa dziko lopanda gulu la akatswiri otha kulowa m'maseva a mdani n'kuwazimitsa, yankho la funsoli ndilo limanena ngati lingapemphe bwenzi kuti lichite zimenezo m'dzina lake, kapena bwenzilo liyenera kuthera pa kuthandiza kufufuza ndi kukonza makina, monga momwe America, NATO ndi kampani ya Microsoft adathandizira Albania.